Miting'i yathu ya Lachiwiri yasuntha yokha, wasokoneza ndani?

"Zikomo, ndithandizeni. Ndimagwira ntchito ku bungwe lina ku Lilongwe, timakhala ndi miting'i ya pa Teams Lachiwiri lililonse 3 koloko masana, asanu tili kuno, awiri ku Nairobi, mmodzi ku Leeds, bwana ku Washington. Kumapeto kwa Okutobala mnzathu wa ku Leeds analowa miting'i itatha kale, sabata yotsatira ife tinalowa 3 koloko osapeza munthu, eti inali ya 4. Bwana akuti sanasinthe kanthu ndipo ine ndi amene ndikuoneka wosalongosoka poti ndimakumbutsa anthu pa WhatsApp. Komanso chaka chamawa kukubwera wina wa ku Sydney. Nditani?"

Mayi, mtima pansi, simunalakwitse kuwerenga wotchi ndipo abwana anuwo akunena zoona kuti sanagwire kanthu. Zimenezi ndakhala ndikuziona chaka ndi chaka m'maofesi omwe ali ndi anthu kunja, ndipo zimagwa miyezi yomweyomweyo, Malichi ndi Okutobala kulowa Novembala. Chimene chimatipweteka ife a kuno n'choti wotchi yathu simasuntha. Malawi ali pa maola awiri patsogolo pa UTC, yomwe ndi nthawi imene dziko lonse limayezerapo, ndipo zili choncho kuyambira Januwale mpaka Disembala, chimodzimodzi Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa. Ku Nairobi nakonso sasintha, iwo amangokhala ola limodzi patsogolo pathu basi. Nde munthu wakulira kuno sizingamubwerere m'mutu zoti dziko lathunthu lingadzuke Lamulungu m'mawa n'kubweza mawotchi onse ndi ola limodzi, koma ku Ulaya ndi ku Amereka amachita zimenezo kawiri pachaka, amakankhira wotchi kutsogolo nyengo yawo yotentha ikamayamba kuti madzulo kuzichedwa kuda, n'kudzaibweza m'mbuyo kukamayamba kuzizira.

Vuto lenileni ndi loti sasinthira tsiku limodzi. Ku UK amapita kutsogolo Lamulungu lomaliza la Malichi, n'kubwerera Lamulungu lomaliza la Okutobala. Ku Amereka amayamba msanga, Lamulungu lachiwiri la Malichi, ndipo amabwerera mochedwa, Lamulungu loyamba la Novembala, lamulo limeneli analiyamba mu 2007. Ndekuti pakati pamakhala timasabata tomwe Leeds ndi Washington amasiyana maola anayi m'malo mwa asanu a masiku onse. Mu 2025 a ku UK anabweza pa 26 Okutobala, a ku Amereka pa 2 Novembala, ndipo ma Lachiwiri anu awiri aja agwa ndendende m'mbali mwa masiku amenewo.

Tsopano chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchigwiritse, chifukwa zina zonse zikuchokera pomwepa. Miting'i yobwerezabwereza ya pa kalendala ili ngati mbuzi, imamangidwa pa chikhomo chimodzi, ndipo chikhomocho ndi zoni, kutanthauza nthawi ya dera linalake, imene munthu woipanga anasankha, kapena imene kompyuta yake inamusankhira iye osadziwa. Kalendala imasunga kuti "9 koloko m'mawa nthawi ya ku Washington, Lachiwiri lililonse", ndipo imaonetsetsa kuti 9 koloko ya ku Washington isasunthe zivute zitani. Ena nonsenu mumangowerengeredwa kuchokera pamenepo. Simunandiuze kuti anapanga miting'iyo ndani koma mmene zachitikiramu ndikhoza kulumbira kuti anaipanga ndi abwanawo, kapena wina amene kalendala yake ili pa nthawi ya kum'mawa kwa Amereka.

Tiyeni tiyende nawo masabatawo. Kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka Okutobala, Washington amakhala maola 6 m'mbuyo mwathu ndipo Leeds ola limodzi lokha, nde 9 koloko ya abwana inali 3 koloko yanu, 4 koloko ku Nairobi, 2 koloko ku Leeds, aliyense anazolowera. Pa 26 Okutobala Leeds anabweza wotchi koma Washington anali asanabweze. Miting'i ya pa 28 inachitika nthawi yomweyo kwa inu ndi kwa abwana, koma pa wotchi ya ku Leeds inali 1 koloko tsopano, mnzanuyo atalowa 2 koloko monga mwa chizolowezi anapeza mwatseka kale. Kenako pa 2 Novembala Washington nayenso anabweza, 9 koloko yawo inayamba kufika mochedwa ndi ola limodzi, kusiyana ndi ife kunakhala maola 7, nde pa 4 Novembala miting'i inagwa 4 koloko kwa inu, 5 koloko ku Nairobi, ndipo wa ku Leeds uja inamubwerera pa 2 koloko yake ngati palibe chachitika. Mukatsegula kalendala yanu n'kubwerera pa tsikulo mupeza kuti inkaonetsa 16:00 bwinobwino. Kalendala inadziwa, koma uthenga wa pa WhatsApp sudziwa kanthu, umangonyamula zimene mwalemba.

Mukaisiya mmene ilili, ikhala pa 4 koloko mpaka pa 8 Malichi 2026 pamene Amereka adzasinthenso, kenako idzabwerera pa 3 koloko yanu, ndipo wa ku Leeds adzavutikanso, ulendo uno masabata atatu athunthu, chifukwa ku UK adzasintha pa 29 Malichi. Ma Lachiwiri atatu amenewo kwa iye idzakhala 1 koloko. Mumuuziretu.

Nanga mutani? Njira zake zilipo koma ine ndili ndi imene ndimaikonda ndipo sindibisa. Mangani miting'iyo pa nthawi ya Lilongwe. Sindikunena izi chifukwa chokonda kwathu ayi, pali chifukwa cha masamu. Mukaimanga pa zoni yosasintha, munthu aliyense wa kunja miting'i imamusunthira tsiku lomwe wotchi ya dziko lake yasintha, tsiku limene iye akulidziwa kale, pa wailesi akulengeza, mawotchi a m'nyumba akukonza yekha. Wa ku Leeds azidziwa kuti nyengo yotentha ndi 2 koloko, yozizira ndi 1 koloko, basi. Abwana azidziwa kuti yotentha ndi 9, yozizira ndi 8. Timasabata tosokoneza tija timatheratu, palibenso zoti munthu wa ku UK azisunga m'mutu tsiku limene Amereka akusintha. Ndipo anthu 7 mwa 9, inu a ku Lilongwe ndi a ku Nairobi, simusunthanso chaka chonse.

Koma ili ndi mtengo wake, ndipo wolipira ndi abwana, chifukwa kuyambira Novembala mpaka Malichi azilowa 8 koloko m'mawa, kunja kukuzizira, mwinanso ndi nthawi yoperekeza ana ku sukulu. Wa ku Leeds izimudyera nthawi ya nkhomaliro. Nde musapite kukanena ngati lamulo, pitani ndi mawerengero. Aonetseni kuti mmene zililimu anzanu a ku Nairobi akuyamba miting'i 5 koloko n'kutuluka 6, kwa miyezi inayi, mumzinda umene aliyense amadziwa mmene magalimoto amathinanira madzulo, ndipo inuyo mukutuluka 5 koloko nthawi yolimbirana minibasi, nyengo ya mvula ndi imeneyonso. Mabwana ambiri sachita dala, iwo pa sikirini yawo amangoona 9:00 chaka chonse nde amaganiza kuti kulikonse zili bwino. Ukawaikira patebulo nthawi ya aliyense mbali ndi mbali amadabwa okha.

Ngati 8 koloko yawakanika ndithu, yesani hafu pasiti 3 ya Lilongwe, yomangidwabe kuno. Ku Nairobi ikhala 16:30, ku Leeds 13:30 kapena 14:30 malingana ndi nyengo, ku Washington 8:30 kapena 9:30. Palibe amene wapeza nthawi yabwino kwambiri koma palibenso amene wafinyidwa yekha, kungoti muifupikitse, mphindi 30 kapena 45, kuti a ku Nairobi asapyole kwambiri nthawi yoweruka. Ndipo kunena zoona ma miting'i ambiri a ola limodzi theka lake limakhala la munthu kuwerenga lipoti limene akanatha kutumiza dzulo lake.

Ena amati bwanji osaimanga pa London poti ili pakati. Kwa gulu lanuli sizithandiza. Inu muzisunthabe kawiri pachaka, kungoti pa masiku a UK, ndipo timasabata tosokoneza tija tingochoka kwa wa ku Leeds n'kugwera abwana, amene miting'i izidzawaonekera 10 koloko mwadzidzidzi. Mwangosamutsa vutolo.

Pakasinthidwe kake, yekhayo amene anapanga miting'i ndi amene angasinthe, inu mukaikoka pa kalendala yanu mwangosintha kope lanu lokha, ena onse atsala pomwepo ndipo chisokonezo chiposa poyamba. Ine ndimalangiza kuti yakaleyo muiikire tsiku lothera n'kupanga ina yatsopano, osati kukonza yomweyo. Pa Outlook ukasintha nthawi ya mndandanda wonse, masabata amene anasunthidwa paokha kapena kufufutidwa amabwerera mwakale, imachenjeza koma anthu amangodina osawerenga. Popanga yatsopano, pafupi ndi pamene mukulemba ola pali posankha zoni, pa Outlook palembedwa Time zones, pa Google Calendar palembedwa Time zone. Pa Outlook musafune Lilongwe simuipeza, yathu imalembedwa kuti (UTC+02:00) Harare, Pretoria. Apa samalani kwambiri chifukwa pamndandanda womwewo pali ena oyamba ndi UTC+02:00 monga Athens, Helsinki ndi Cairo, ndipo amenewo amasintha wotchi, Egypt anayambiranso kusintha mu 2023. Ukasankha ameneyo poganiza kuti bola nambala yafanana, zonse ziyenda bwino miyezi ingapo kenako miting'i isuntha popanda womvetsa chifukwa. Ngati abwana akufuna kuti ikhalebe yochokera kwa iwo palibe vuto, akhoza kuipanga ali ku Washington komweko n'kusankha zoni yathu, chikhomo ndi zoni yosankhidwayo osati komwe munthu wakhala. Linki ya Teams ikhala yatsopano, nde muuze anthu afufute yakale imene anaisunga m'mafoni.

Musanapange chilichonse, yang'anani laputopu yanu, ndi za anzanu a muofesi. Ili ndi vuto lina lapadera koma limafanana zizindikiro ndi lanulo ndipo kuno kwathu ndi lofala zedi. Malaputopu ambiri timagula ogwiritsidwa kale ntchito, ochokera ku UK, ku Amereka kapena ku Dubai, ena amatumiza ndi achibale. Amabwera zoni ili ya komwe achokera. Munthu amaona pakona kuti wotchi ikunama, n'kulowa kukakonza manambala ndi dzanja mpaka igwirizane ndi ya pafoni, zoni osaigwira. Ukayang'ana pa sikirini zonse zili bwino, 10:20 pakona, 10:20 pafoni. Koma mkati kompyutayo ikukhulupirira kuti ili ku London. Mukapanga miting'i ya 15:00 pa Outlook ya pa laputopu yotero, imatumiza kuti 15:00 ya ku London, ndipo mnzanu wa desiki yoyandikana nayo imufikira ngati 17:00 nyengo yozizira ya ku UK, kapena 16:00 pakati pa chaka. Mmene mungadziwire ndi mophweka, dzitumizireni imelo kapena kamiting'i koyesera n'kukatsegula pafoni, ngati nthawi zasiyana ndi maola athunthu, zoni ndi yolakwika. Chizindikiro china ndi wotchi imene mumaikonza lero mawa yabwerera kunama, chifukwa ikalumikizana ndi intaneti imadzikonza yokha motsatira zoni imene ikuidziwa. Pa Windows mukhoza kutsegula Command Prompt n'kulemba:

```
tzutil /g
```

Ikayankha kuti South Africa Standard Time muli bwino, limenelo ndi dzina la zoni yathu mkati mwa Windows. Ikayankha GMT Standard Time kapena Pacific Standard Time, pitani ku Settings, Time & language, Date & time, musankhe Harare, Pretoria, kenako muyatse Set time automatically kuti manambala adzikonze okha. Google Calendar nayo ili ndi zoni yakeyake mu Settings yomwe siyenderana ndi ya kompyuta nthawi zonse, makamaka kwa munthu amene anapitako kunja n'kuvomera kuti isinthe, pobwera osaibweza. Yang'anani zonse ziwiri.

Muli momwemo mu Settings, yatsani zoni yachiwiri. Pa Google Calendar ndi Display secondary time zone, pa Outlook ya pakompyuta ndi File, Options, Calendar, kenako Show a second time zone. Kumanzere kwa kalendala kumabwera mizere iwiri ya maola, wanu ndi wa ku Washington, nde mukamatsegula sabata ya kutsogolo mumaona ndi maso kuti 15:00 yanu yayang'anizana ndi 9 kapena 8. Kwa munthu amene ntchito yake ndi kukumbutsa anzake ngati inu, kameneka kamapulumutsa.

Tibwere ku uthenga wa pa WhatsApp, poti ndi pamene mlandu unakugwerani. Musasiye kukumbutsa, anthu athu ambiri kalendala satsegula, amadalira inuyo. Koma lamulo likhale loti nthawi musamailembe kuchokera m'mutu, tsegulani kalendala pa tsiku lenilenilo muone kaye. Ndipo muzilemba mizinda, osati zidule za ma zoni. Uthenga wabwino umaoneka chonchi:

Lachiwiri 3 Novembala 2026, 15:00 Lilongwe / 16:00 Nairobi / 13:00 Leeds / 08:00 Washington

Zidule zija ndi zimene zimapha anthu. Wa ku Amereka amalemba EST chaka chonse pamene nyengo yotentha ali pa EDT, kusiyana kwake ola lathunthu, nde inu mukafufuza mokhulupirika kuti 9 EST ndi nthawi yanji kuno mupeza yankho lolondola la funso lolakwika. Wa ku UK amalemba GMT mu Julaye akutanthauza nthawi ya pa wotchi yake, yomwe panthawiyo ndi BST, ola limodzi patsogolo pa GMT. CST ikhoza kukhala ya ku Chicago kapena ya ku China, IST ikhoza kukhala ya ku India, ku Ireland kapena ku Israel. CAT yathuyi anthu ambiri kunja saidziwa n'komwe, ena amaisokoneza ndi CET ya ku Ulaya. Munthu akakulemberani chidule, mufunseni mwaulemu kuti mukutanthauza 9 koloko ya pa wotchi ya ku Washington tsiku limenelo eti? Zimaoneka ngati kuvutitsa koma ndi bwino kusiyana n'kudikira ola lathunthu bandulo ikutha. Maola muzilemba a 24, kuti 08:00 isasanduke 8 koloko usiku. Mwezi muzilemba dzina lake, chifukwa 03/11 kwa inu ndi 3 Novembala koma kwa abwana anu ndi Malichi 11, iwo amayamba ndi mwezi.

Za wa ku Sydney uja, apa ndikuuzani mosapita m'mbali, palibe ola limene lingakomere Sydney, Lilongwe ndi Washington nthawi imodzi, musataye nthawi kulifunafuna. Sydney ali maola 8 patsogolo pathu kuyambira Epulo mpaka Okutobala, ndi maola 9 kuyambira Lamulungu loyamba la Okutobala mpaka Lamulungu loyamba la Epulo, chifukwa iwo ali kum'mwera ngati ife, nyengo yawo yotentha ndi yomwe ino ya Disembala, nde amapita kutsogolo pamene a kumpoto akukonzekera kubwerera m'mbuyo. 3 koloko yanu ya masana kwa iye ndi 11 koloko usiku, kapena 12 koloko pakati pa usiku penipeni. Mukati musunthire m'mawa, 8 koloko ya Lilongwe ndi 4 kapena 5 koloko madzulo ku Sydney, zabwino ndithu, ku Nairobi 9 koloko, koma ku Leeds ndi 6 kapena 7 m'mawa ndipo ku Washington ndi 1 kapena 2 koloko usiku. Mukati mukomere Washington ndi Sydney, mwachitsanzo 4 koloko madzulo Lachiwiri ku Washington mu Januwale, ku Sydney ndi 8 koloko m'mawa koma Lachitatu, ndipo inuyo ndi 11 koloko usiku. Mwaona kuti tsikunso lasintha, nde ndi munthu wa kumeneko "tikumana Lachiwiri" si mawu okwanira.

Chimene chimagwira ntchito ndi kugawa. Lilongwe ili pakati, nde inu ndi a ku Nairobi mukhoza kukumana ndi wa ku Sydney m'mawa 8 koloko kwa mphindi 20 kapena 30, masana n'kukumana ndi a Leeds ndi Washington monga mwa nthawi zonse, munthu mmodzi n'kulemba zomwe mwagwirizana m'malo amodzi omwe onse amawerenga. Zolembazo zikhale zazifupi, chagamulidwa n'chiyani, achita ndani, pofika liti. Kujambula miting'i yonse n'kumutumizira vidiyo ya ola limodzi ine sindimakukhulupirira, palibe amaionera mpaka kumapeto, ndipo kwa a kuno kuitsitsa kokha ndi ndalama. Kuipa kwa kugawaku n'koti inu a pakati mumakhala ndi ma miting'i awiri, ndipo pang'onopang'ono mumasanduka amtengatenga a uthenga pakati pa anthu omwe sayankhulana okha. Nde kamodzi pa mwezi kapena pa miyezi itatu, mukhale ndi umodzi wa onse, ndipo ululu wake muzisinthana, ulendo uno agona mochedwa ndi wa ku Sydney, ulendo winawo ndi a kuno, winawo adzuka m'bandakucha ndi a ku Washington. Mulembe kasinthanidweko poyera. Zikapanda kulembedwa, amene amagona mochedwa nthawi zonse amakhala wamng'ono paudindo, ndipo sadandaula mpaka tsiku lomwe adzasiye ntchito.

Mumufunsenso bwino mnzanuyo kuti akakhala mzinda uti kwenikweni, chifukwa anthu amati Sydney kapena Australia mongofupikitsa. Ku Brisbane sasintha wotchi, amakhala maola 8 patsogolo pathu chaka chonse, ku Perth ndi maola 6 okha ndipo nakonso sasintha, zomwe zingapepule zinthu kwambiri. Ku Amereka n'chimodzimodzi, abwana akapita ku California ali maola ena atatu m'mbuyo mwa Washington, 8 koloko ija yasanduka 5 koloko m'mawa. Munthu akamayenda ulendo azinena komwe akakhale Lachiwirilo.

Maholide ndingowatchula mwachidule poti Lachiwiri sagwa pafupipafupi. Kalendala ya abwana siidziwa za 15 Januwale, 3 Malichi, 14 Meyi, 6 Julaye kapena 15 Okutobala pokhapokha wina aikemo, ndipo 3 Malichi 2026 ndi Lachiwiri, muwauziretu. Inunso simungadziwe zokha zokha kuti sabata ya Lachinayi lachinayi la Novembala anthu ambiri ku Amereka amakhala ali paulendo wokaona abale. Kumayambiriro kwa chaka aliyense alembe maholide a dziko lake pa kalendala imodzi ya gulu, ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Chizolowezi chimene ndimaphunzitsa aliyense wogwira ntchito ngati yanu ndi ichi, ikani chikumbutso pa kalendala yanu kumayambiriro kwa Malichi ndi pakati pa Okutobala, cholembedwa kuti mawotchi akusintha. Chikalira, tsegulani masabata anayi kapena asanu akutsogolo limodzi limodzi, muone miting'i iliyonse yomwe muli ndi anthu akunja, osati ya Lachiwiri yokhayi, chifukwa za ma donor ndi za mabungwe ena zinamangidwa pa ma zoni awo ndipo simungazisinthe. Ngati mukukayika, pa timeanddate.com pali Meeting Planner, mumaika mizinda ndi tsiku n'kukuonetsani maola mbali ndi mbali. Koma muike tsiku la miting'iyo osati la lero, anthu ambiri amaphonya pomwepa, amafufuza kusiyana kwa maola mu Febuluwale n'kukagwiritsa ntchito pa miting'i ya mu Epulo. Mu 2026 masiku oti muwazungulize ndi 8 ndi 29 Malichi, 5 Epulo ndi 4 Okutobala za Sydney, kenako 25 Okutobala ndi 1 Novembala.

Pali pena pomwe simuyenera kulimbana nazo nokha. Ngati zoni ya laputopu ndi ya kalendala zonse zili bwino koma miting'i ikuonekabe nthawi yosiyana pafoni ndi pakompyuta, kapena munthu mmodzi yekha ndi amene akuona zosiyana ndi anzake onse, itanani a zamakompyuta. Nthawi zambiri imakhala foni kapena kompyuta yakale imene sinalandire zosintha kwa zaka, nde ikugwiritsa malamulo akale a mawotchi, kapena zoni ya akaunti ya imelo ya ku ntchito yomwe inaikidwa molakwika poitsegula, ndipo malaputopu ena a ofesi amakhala okhomedwa moti inu simungasinthe zoni popanda iwo. Ndipo ngati kubwera kwa wa ku Sydney kuchititse kuti muzilowa miting'i 10 kapena 11 koloko usiku sabata iliyonse, imeneyo yachoka pa nkhani ya kalendala, yalowa pa ya maola a ntchito. Kambiranani ndi abwana komanso a ofesi yoona za antchito zisanayambe, kuti zilembedwe ngati mudzibwezeredwa maolawo mawa lake, komanso kuti bandulo ya kunyumba ndi chochajira magetsi akazima alipira ndani, poti usiku ofesi imakhala yotseka ndipo netiweki yake simungaigwiritse.